Komiti yandibwezera pempho lofunsa anthu othawa kwawo: ndikonze pati?

Funso: Ndikuchita digiri yachiwiri, ndipo ndikufuna kucheza ndi anthu 20 othawa kwawo za zoopsa zimene anakumana nazo pa nkhondo ndiponso m'njira pothawa. Ndidzagwiritsa ntchito womasulira. Komiti yovomereza kafukufuku yandibwezera pempho. Ndinalemba kuti munthu akakhumudwa ndidzaimitsa mafunso n'kumutumiza kwa phungu, ndiponso kuti zonse zimene adzanene zidzakhala zachinsinsi. Akuti zonse ziwirizi n'zosakwanira. Kodi akufuna chiyani kwenikweni?

Yankho:

Musataye mtima, komitiyo sinakukanizeni kafukufukuyu. Mfundo ziwiri zimene yagwirazo zili ndi gwero limodzi: mwalemba malonjezo amene simunaonetse kuti mungawakwaniritse. Ife amene timakhala m'makomiti otere tikamawerenga pempho, timadziika m'chipinda chimene mudzakhalemo. Timaona inuyo, womasulira, ndi mayi amene wasiya kulankhula mwadzidzidzi, ndipo timafunsa kuti pa mphindi imeneyo ndani akuchita chiyani, akuimbira foni ndani, ndipo amene akuimbiridwayo ali kuti. Pepala lanu likapanda kuyankha zimenezi, timalibweza.

Musanakhudze ndondomeko ya zimene mudzachite munthu akakhumudwa, bwererani kaye ku mafunso anu. Dzifunseni ngati funso lalikulu la kafukufuku wanu likufunadi kuti munthu afotokoze mwatsatanetsatane mmene anagwiriridwira kapena mmene mwana wake anaphedwera. Nthawi zambiri wophunzira amafuna kudziwa mmene anthu akupiririra, kumene amapeza thandizo, ndi mmene zakale zikusokonezera tulo, ntchito ndi banja. Zonsezi mungazimve popanda kumukokera munthu ku tsiku loopsalo. Chikalata cha ku Helsinki cha mfundo zoyendetsera kafukufuku wa zaumoyo pa anthu, chimene chinayamba mu 1964 ndipo chakhala chikukonzedwa kangapo, chimatsindika kuti kafukufuku wa anthu osatetezeka ayenera kuyankha zosowa zawo. Choncho funso lililonse lopweteka liyenera kukhala ndi chifukwa chimene mungachitchule. Lembani kuti simudzafunsa mwachindunji za kuzunzidwa kapena kugwiriridwa, kuti munthu akayamba yekha nkhaniyo mudzamvetsera, ndi kuti simudzakumba ndi mafunso onga akuti "anali angati" kapena "kenako anakuchitani chiyani". Konzaninso dongosolo la macheza: muyambe ndi za moyo wa lero, zovuta zikhale pakati, ndipo mphindi 10 kapena 15 zomaliza zikhale za anthu ndi zinthu zimene zimamulimbitsa. Macheza asapitirire mphindi 90, pokumbukira kuti kumasulira kumadya pafupifupi theka la nthawiyo.

Chinthu china chimene ndimafuna kuti ofufuza atsopano achimvetse n'chakuti misozi payokha si ngozi. Munthu amene akukamba za imfa ya mwamuna wake amalira, ndipo akamalira akudziwa kumene ali, akulankhula nanu, amakhala akuchita zimene munthu aliyense wolira maliro amachita. Kafukufuku wina amene anafalitsidwa mu 2000, wokhudza mabanja a ku Bosnia amene anathawira ku Norway, anapeza kuti ambiri anaona kutenga nawo mbali ngati chinthu chabwino, ngakhale kuti nkhanizo zinali zowawa. Mukamazimitsa rekoda msozi woyamba ukangogwa, mumamuuza munthuyo kuti nkhani yake ndi yolemera moti palibe angaimve, ndipo mwina ambiri anamuchitapo kale zimenezo. Ndondomeko yabwino imasiyanitsa chisoni chimene munthu akuchinyamula ndi chisoni chimene chamugonjetsa.

Tiyerekeze ndi mayi wa zaka za m'ma 30, amene kwawo anali mphunzitsi, ndipo anathawa ndi ana atatu. Mwacheza naye kwa theka la ola. Akufotokoza za kuwoloka mtsinje usiku, mawu ayamba kunjenjemera, misozi ikutsika, akupukuta ndi m'mphepete mwa nsalu yake koma akupitirizabe kulankhula. Ili ndi gawo loyamba la ndondomeko yanu. Apa mumakhala chete osathamangira funso lotsatira, kenako n'kunena kudzera mwa womasulira kuti, "Mayi, nkhani imeneyi ndi yowawa. Tingathe kupuma, tingathe kuidumpha, kapena tingathe kupitiriza. Musankhe ndinu." Akasankha kupitiriza, mumapitiriza. Mawu enieniwa alembeni m'pempho, chifukwa komiti imafuna kuona kuti mphamvu yosankha ili m'manja mwa mayiyo, ndiponso womasulira ayenera kuwadziwa pasadakhale m'chilankhulo chake.

Gawo lachiwiri limaoneka mosiyana, ndipo nthawi zina silikhala ndi misozi n'komwe. Mayi uja wasiya kulankhula pakati pa chiganizo. Maso akuyang'ana pakhoma osaphethira, womasulira akumuitana koma sakuyankha. Kapena wayamba kupuma mofulumira, manja akunjenjemera, akuyang'ana kuchitseko ngati kukubwera munthu, mwinanso wayamba kulankhula za usiku ujawo ngati zikuchitika panopa. Izi zikuonetsa kuti maganizo ake abwerera ku mtsinje kuja ndipo sakutha kubwerako yekha. Apa simufunsanso ngati akufuna kupitiriza, chifukwa sali pamalo oti angasankhe. Mumaimitsa ndinu. Mumazimitsa rekoda n'kumuuza kuti mwazimitsa. Mumalankhula mofatsa, kumutchula dzina limene anati muzimuitana nalo, kumuuza kumene ali ndi tsiku la lero, ndi kuti muli naye inuyo ndi womasulira basi. Mumamupempha aponde pansi mwamphamvu kuti amve nthaka, atchule zinthu zimene akuziona m'chipindamo, atulutse mpweya pang'onopang'ono. Mungamupatse madzi. Musamugwire popanda kumufunsa, ngakhale mtima ukukuuzani kuti mumugwire paphewa, chifukwa kwa munthu amene anachitidwa nkhanza dzanja lobwera mosayembekezera lingawonjezere mantha. Musaime pakati pa iye ndi chitseko.

Akabwerera mwakale, chimene sichiyenera kuchitika ndi kumuuza kuti atulutse zonse kuti mtima upepuke. Bungwe la WHO limalangiza kuti njira yomukakamiza munthu kufotokoza zoopsa zonse pa nthawi imodzi isamagwiritsidwe ntchito, chifukwa siteteza munthu ndipo ena imawachedwetsa kuchira. Chimene limalimbikitsa ndi chithandizo choyamba cha maganizo, chimene buku lake linatuluka mu 2011 ndipo mfundo zake ndi zitatu: kuyang'ana, kumvetsera ndi kulumikiza munthu ku thandizo. Maphunziro ake ndi aafupi. Achiteni inuyo ndi womasulira wanu musanayambe, ndipo mulembe m'pempho kuti ndani adzakuphunzitsani ndiponso liti. Ine ndimalangiza kuti macheza amene afika gawo lachiwirili athere pomwepo tsikulo. Ngati mayiyo akufuna kudzamaliza, mudzagwirizane tsiku lina, ndipo mudzamufunsenso chilolezo kuyambira pachiyambi, kuphatikizapo ngati akulola kuti zimene ananena kale zigwiritsidwe ntchito.

Gawo lachitatu ndi limene mapempho ambiri amalizemba, ndipo ndi limene komiti imaliyang'ana kwambiri. Mayi uja wakhazikika, akumwa madzi, kenako akuti, "Pakanapanda anawa, bwenzi nditatsatira bambo awo kalekale. Masiku ano ngakhale anawo sakundigwiranso mtima." Womasulira akhoza kufewetsa mawu amenewa kuti akutetezeni kapena kuteteza mayiyo, n'chifukwa chake muyenera kugwirizana naye pasadakhale kuti mawu aliwonse okhudza imfa aziwamasulira ndendende. Ndiye mufunse molunjika: "Kodi mukuganiza zodzipha?" Ambiri amaopa funsoli poganiza kuti lingamupatse munthu maganizowo, koma kafukufuku wambiri waonetsa kuti kufunsa sikuwonjezera ngozi. Akavomera, funsani ngati waganizira njira yake, ngati chinthu chimenecho ali nacho, ngati waganizira nthawi, ndiponso ngati anayeserapo kale. Simukufunsa kuti mupime matenda, chifukwa imeneyo si ntchito yanu. Mukufunsa kuti mudziwe ngati nkhaniyi ingadikire mawa kapena ayi. Ngati ali ndi njira ndi chipangizo, kapena anayesera posachedwa, samasiyidwa yekha. Mmodzi wa inu amakhala naye, wina amaimba foni, ndipo mumamuperekeza mpaka atafika m'manja mwa wachipatala. Ngati maganizowo alipo koma alibe dongosolo lililonse, mumamupempha kuti mumulumikize ndi phungu tsiku lomwelo kapena lotsatira, ndipo mumamufunsa kuti ndi munthu uti wapafupi amene angafune kuti adziwe.

Apa ndi pamene mawu akuti kutumiza kwa phungu amayesedwa. Komiti ikufuna dzina la bungwe kapena chipatala, udindo wa munthu amene adzalandire anthu anu, masiku ndi maola amene amapezeka, zilankhulo zimene amatha, mtunda wochokera pamalo ochezera, ndani adzalipira mayendedwe, ndi kalata yochokera kwa iwo yovomera kuti akudziwa za kafukufuku wanu ndipo ali ndi mpata wolandira anthu. Kalata imeneyi ndi yofunika kuposa tsamba lina lililonse limene mungawonjezere. Malangizo a WHO a mu 2007 okhudza kufufuza za nkhanza zogonana m'madera a nkhondo ndi ngozi amanena momveka kuti chithandizo chiyenera kukhalapo pamalopo musanayambe kufunsa chilichonse chimene chingachititse munthu kuulula zotere. Pitani nokha mukaone. M'malo ambiri okhala anthu othawa kwawo phungu amakhala mmodzi wa anthu ochuluka zedi, amabwera masiku owerengeka pa sabata, kapena ntchito yake imadalira thandizo la ndalama limene likutha. Mukapeza kuti amapezeka Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa, macheza anu akhale masiku omwewo m'mawa, ndipo mulembe choncho. Musaike macheza Lachisanu madzulo, pamene munthu angatsale ndi mabala otseguka mpaka Lolemba. Mukapeza kuti palibe thandizo lililonse, muli ndi njira ziwiri zokha: kuika ndalama za phungu mu bajeti yanu, kapena kuchotsa mafunso a zoopsawo.

Ndondomeko isathere pachitseko. Munthu aliyense, ngakhale amene anaoneka wolimba, auzidwe kuti masiku angapo otsatira akhoza kulota zoipa kapena kusowa tulo, kuti zimenezi zimachitika, ndi kuti zikapitirira apite kwakuti. Lembani kuti mudzamuyendera kapena kumuimbira pasanathe maola 48, koma mufunseni kaye njira yake. Foni yambiri ndi ya banja lonse, ndipo uthenga wakuti "muli bwanji pambuyo pa nkhani ya dzulo" ukawerengedwa ndi mwamuna kapena mlamu ungabweretse mavuto. Kapepala ka manambala a thandizo kakhale kakang'ono, kopanda mawu oonetsa nkhani imene munakambirana. Nenaninso kuti chilichonse chofika gawo lachitatu mudzachidziwitsa kwa woyang'anira kafukufuku wanu tsiku lomwelo, ndi ku komiti m'nthawi imene malamulo ake amanena, popanda dzina la munthuyo. Ndi bwino kuikamo malire oimitsira ntchito yonse, mwachitsanzo kuti anthu awiri otsatizana akafika gawo lachiwiri, mudzaima n'kuunikanso mafunso pamodzi ndi woyang'anira musanapitirize.

Musaiwale womasulira ndi inu nomwe. Womasulira amanena nkhani yonse ndi pakamwa pake, nthawi zambiri akuti "ine", ndipo mwina anadutsa m'njira yomweyo. Macheza awiri pa tsiku ndi okwanira. Khalani naye pansi mukamaliza tsiku lililonse, mupatseni ufulu woimitsa macheza iyenso, ndipo phungu uja akhale wotseguka kwa iye. Wolemba mawu ochokera mu rekoda nayenso amamva zonsezo mobwerezabwereza ali yekha.

Tsopano za chinsinsi. Gawo lachitatu lija lakuonetsani kale chifukwa chimene komiti yakanira mawu anu: mayi uja akanena kuti ali ndi njira yodziphera, mudzauza munthu wina, kaya walola kaya sanalole. Ngati munamulonjeza kuti palibe chidzatuluke m'chipindamo, mwamunamiza pa nthawi imene anakukhulupirirani kwambiri. Malire a chinsinsi amanenedwa rekoda isanayatsidwe, m'mawu osavuta, monga awa: "Zimene mudzandiuze sindidzauza akuluakulu a pano, a boma, a UNHCR kapena abale anu. Koma mukandiuza kuti mukufuna kudzivulaza kapena kuvulaza munthu wina, kapena kuti pali mwana amene akuzunzidwa panopa, ndidzayenera kuuza munthu amene angathandize. Ndidzayamba ndakuuzani inuyo ndisanatero. Mukhoza kusankha zimene mukufuna kundiuza mukudziwa zimenezi." Kenako mupempheni abwereze m'mawu ake zimene wamva. Malamulo okakamiza kunena za nkhanza kwa ana amasiyana dziko ndi dziko, choncho fufuzani a dziko limene mudzachitire kafukufukuyo, muwatchule m'pempho, ndipo munene ofesi imene mudzapiteko. Za nkhanza zimene munthu wamkulu anachitidwa kale, kapena zimene akuchitidwa ndi mwamuna wake, kukanena n'kusankha kwake pokhapokha lamulo la dzikolo litanena zina. Kukanena m'malo mwake popanda chilolezo kungamuike pangozi yoposa.

Pali malire ena amene ofufuza ambiri sawaganizira, ndiwo a khoti. M'mayiko ambiri wofufuza alibe chitetezo chimene loya ali nacho pa zimene wamva. Yunivesite ya Boston College ku America inajambula mawu a anthu amene anamenya nawo nkhondo ya ku Northern Ireland, atalonjezedwa kuti palibe adzamve mawuwo iwo asanamwalire. Mu 2011 boma la America, popemphedwa ndi la Britain, linalamula kuti matepiwo aperekedwe, ndipo pambuyo pa milandu ena mwa iwo anakafika m'manja mwa apolisi. Phunziro lake kwa inu ndi lakuti chitetezo chodalirika ndi kusakhala nacho chinthucho. Zimene simunajambule palibe angakulandeni.

Kwa munthu wothawa kwawo nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa mbiri ya moyo wake ndi imene imamupatsa malo okhala. Pangano la mu 1951 lokhudza anthu othawa kwawo limachotsa chitetezo kwa munthu amene pali zifukwa zomveka zoganizira kuti anachita milandu ya pa nkhondo. Bambo amene anagwidwa ali mnyamata n'kukakamizidwa kunyamula mfuti akhoza kuyamba kukuuzani zimene anachita. Muchenjezeni pachiyambi kuti asatchule mayina a anthu, a magulu a asilikali kapena zimene iye mwini anachita zimene zingaoneke ngati mlandu, ndipo akayamba, imitsani rekoda n'kumukumbutsa. Ngakhale munthu wosalakwa chilichonse ali pangozi ina. Zimene angakuuzeni zikhoza kusiyana ndi zimene ananena kwa oona za pempho lake la chitetezo, monga mwezi umene anathawa kapena chiwerengero cha anthu amene anali nawo. Kafukufuku wa ku Britain wa mu 2002 pakati pa anthu ochokera ku Kosovo ndi Bosnia anaonetsa kuti kusiyana kotere kumachitika kawirikawiri munthu akafotokoza nkhani imodzi kawiri, ngakhale alibe chifukwa chonamira. Koma wogamula pempho akhoza kukuona ngati bodza. Choncho musalembe nambala ya fayilo yake, nambala ya khadi la chakudya kapena nambala ya nyumba, ndipo nenani m'pempho kuti palibe chimene chidzaperekedwe ku bungwe lililonse loona za mapempho, ngakhale bungwe limene lakuthandizani kupeza anthu.

Izi zikukhudzanso mmene munthu amavomerera. Mlendo wonyamula kope ndi rekoda amafanana ndi anthu amene amafunsa mafunso a kusamutsidwira ku dziko lachitatu, ndipo ena adzavomera poyembekezera kuti nkhani yawo ikamveka zinthu ziyenda. Nenani kawiri, pachiyambi ndi pamapeto, kuti kucheza nanu sikuthandiza kapena kuwononga pempho lawo, chakudya chawo kapena sukulu ya ana awo, ndi kuti kukana kulibe chilango. Ambiri amaopanso kusaina, chifukwa ena anasainitsidwapo mapepala mokakamizidwa, ndipo fomu yosainidwa ndi pepala limene limalumikiza dzina lenileni ndi kafukufuku wanu. Pemphani komiti kuti ikuloleni kulandira chilolezo cha pakamwa, inuyo n'kulemba tsiku ndi nambala ya munthuyo. Makomiti ambiri amalola mukafotokoza chifukwa chake. Musalole kuti mtsogoleri wa dera akusankhireni anthu kapena adziwe amene anabwera. Iye angalengeze za kafukufukuyo, koma ofuna abwere okha kwa inu. Dzina limene kafukufukuyo akudziwika nalo pagulu likhale wamba, monga la umoyo ndi moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo malo ake akhale oti munthu angapiteko pa zifukwa zambiri. Chipinda chimene aliyense akudziwa kuti mumalowa amayi ogwiriridwa chaulula kale chinsinsi munthu asanatsegule pakamwa.

Mpata waukulu wotulukira nkhani ndi womasulira, ndipo sindikunena izi pomukayikira. Ngati akuchokera m'dera lomwelo, mawa adzakumana ndi mayi uja potunga madzi kapena kopemphera. Akhoza kukhala wa mtundu umene unali mbali ina ya nkhondoyo, ndipo katchulidwe kake kokha kangamutseke mayiyo pakamwa. Pepala losainira kuti adzasunga chinsinsi ndi lofunika koma silithetsa zimenezi. Ngati n'kotheka pezani womasulira wochokera kwina. Ngati n'kosatheka, uzani munthu aliyense dzina la womasulira tsiku la macheza lisanafike, womasulirayo palibe, kuti athe kukana popanda manyazi. Khalani ndi omasulira awiri, wamkazi ndi wamwamuna, kuti pakhale kusankha. Wachibale asamasulire, ndipo mwana asamasulire ngakhale pang'ono.

Za kasungidwe ka mafayilo ndidutsapo mwachangu chifukwa komiti iliyonse ili ndi fomu yake. Gwiritsani ntchito rekoda yapadera, osati foni yanu imene imatumiza yokha mafayilo pa intaneti. Tsiku lomwelo samutsirani mawuwo pa kompyuta yotsekedwa mwa njira yoti wopanda pasiwedi sangawerenge kanthu ngakhale ataiba, n'kufufuta mu rekodamo. Osatumiza pa WhatsApp kapena pa imelo wamba. Munthu aliyense akhale ndi nambala, ndipo pepala lolumikiza nambala ndi dzina likhale kwina, lodziwa inu nokha. Tchulani tsiku limene mudzafufute mawu ojambulidwa mukatsimikiza kuti zolembedwa zili bwino, ndi tsiku limene mudzawononge pepala la mayina. Auzeni anthu tsiku lomalizalo, chifukwa likadutsa simungathenso kupeza mawu a munthu amene wasintha maganizo. Ngati mudzawoloka malire a dziko ndi kompyutayo, nenani mmene mudzachitire, popeza pachipata akhoza kukulamulani kuti muitsegule.

Pomaliza pali chinsinsi chimene chimatayika pa nthawi yolemba, dzina litachotsedwa kale. Bwererani kwa mayi uja. Mukalemba kuti "mayi wa zaka 34, mphunzitsi wa sekondale wochokera m'tauni yakuti, wa ana atatu, amene mwamuna wake anaphedwa pa mlatho", ndiye kuti mwamutchula dzina kwa aliyense wa m'dera lakelo, ndipo malipoti amabwerera kumene anachokera. Akhoza kufikanso kwa anthu a kwawo kumene abale ake adakali. Lembani kuti "mayi wa zaka za m'ma 30 amene anali pa ntchito yolembedwa kwawo". Tauni ikhale chigawo, chiwerengero cha ana chichoke ngati sichikuthandiza mfundo yanu, ndipo za mlathowo zichoke. Musaike tebulo losonyeza zaka, mtundu, ntchito ndi chaka chofikira cha munthu aliyense pamzere wake, chifukwa pa anthu 20 tebulo lotere ndi mndandanda wa mayina. Ngati mawu a munthu mmodzi mwawagwiritsa ntchito m'mitu ingapo pansi pa dzina limodzi longopeka, wowerenga akhoza kuwalumikiza n'kupeza mbiri yonse, choncho pa nkhani zoopsa kwambiri musaikepo ngakhale dzina longopekalo. Ena adzakuuzani kuti akufuna dzina lawo lenileni lilembedwe kuti dziko lidziwe. Chikhumbo chimenechi chilemekezeni ndipo mukambirane nawo, koma muwakumbutse kuti nkhani yawo imatchulanso anthu ena amene sanafunsidwe, ndi kuti pempho lawo mwina silinagamulidwe. Uzani komiti pasadakhale chimene mudzachite zikatero. Pa kafukufuku wa digiri ngati wanuyu, ine ndingalembe kuti mayina enieni sadzagwiritsidwa ntchito, ndipo ndingawafotokozere anthuwo chifukwa chake asanavomere.

Pobweza pempho, lembani kalata yoyankha ndemanga iliyonse payokha, n'kutchula tsamba limene mwasintha. Ndondomeko ya magawo atatu ija ikhale pa tsamba limodzi loti mungaliike patebulo pa nthawi ya macheza, ndi manambala a foni pamwamba. Phatikizanipo kalata ya opereka uphungu, mawu a chilolezo m'zilankhulo zonse zimene mudzagwiritse ntchito, ndi pangano la womasulira. Onetsetsani kuti mawu a chinsinsi ndi ofanana m'mapepala onsewa, chifukwa kawirikawiri munthu amakonza m'pempho n'kuiwala fomu ya chilolezo, imene imatsala ikulonjezabe chinsinsi chopanda malire. Kumbukiraninso kuti ngati yunivesite yanu ili m'dziko lina, mudzafunika chilolezo cha komiti ya m'dziko limene anthuwo ali, ndiponso cha akuluakulu oyang'anira malowo. Musanatumize, khalani pansi ndi womasulira wanu ndi mnzanu mmodzi amene adzayerekeze kukhala mayi uja, ndipo muyesere gawo lachiwiri ndi lachitatu mokweza mawu, mpaka kuimba foni ija kuti muone ngati ikuyankhidwa. Pamene mudzakakamire poyeserapo, bwererani mukalembenso pamenepo.